Chifukwa chimene makina a GPS amatsogolera foni ndi masekondi 18

Funso: "Bambo amisiri, makina a GPS amene tinaika m'galimoto zathu kuno ku Limbe akuonetsa nthawi yotsogola ndi masekondi 18 poyerekeza ndi foni. Kodi awonongeka?"

Yankho: Ayi achimwene, ngati kusiyanako kumakhala 18 yemweyo tsiku lililonse, makinawo ali bwino, ndipo musawamasule. Chimene mukuonacho ndi kusiyana kwa mawotchi awiri, ina yotsatira atomu yokha ndi ina yodikira kuzungulira kwa dziko lapansi.

Kuyambira mu 1967, sekondi imayezedwa ndi atomu ya siziyamu: mafunde ake akagunda ka 9,192,631,770, ndiye kuti yakwana sekondi imodzi. Dziko lapansi lilibe mwambo wotere. Mwezi umakoka madzi a m'nyanja zikuluzikulu, ndipo kukhulana kwa madziwo ndi pansi pa nyanja kumachepetsa liwiro la dziko pang'onopang'ono, pamene mphepo ndi zochitika m'kati mwa dziko nazo zimalifulumizitsa kapena kulichedwetsa.

Tsiku la pa wotchi lili ndi masekondi 86,400. Tiyerekeze kuti nthawi imene dziko limatenga kuzungulira kamodzi ikupitirira pamenepo ndi magawo awiri okha mwa magawo 1,000 a sekondi pa tsiku. Kangongole kameneka kamaunjikana, moti pakatha masiku 500 kakwana sekondi yathunthu, ngakhale liwiro la dziko litakhala losasintha m'masiku onsewo. Ambiri amasokonezeka pamenepa, poganiza kuti sekondi iliyonse yowonjezera ikutanthauza kuti tsiku latalika ndi sekondi yonse.

Nthawi ya UTC, imene mayiko onse amayezera mawotchi awo ndipo foni yanu imatsatira, siloledwa kutalikirana ndi kuzungulira kwa dziko kuposa 0.9 ya sekondi. Malirewo akayandikira, bungwe la IERS, loona za kuzungulira kwa dziko, limalengeza kuti pawonjezedwe sekondi, ndipo zachitika ka 27 kuyambira mu 1972. Komaliza kunali pa 31 Disembala 2016, pamene wotchi ya UTC inawerenga 23:59:60. Kuno ku Blantyre inali 01:59:60 usiku wa pa 1 Januwale 2017. Nthawi ya GPS inayamba mofanana ndi UTC pa 6 Januwale 1980 ndipo sinalandirepo sekondi yowonjezera, pamene UTC yalandira 18 chiyambire tsikulo.

Masetilaiti amatumiza nambala ya 18 imeneyi kuti makina aichotsere pa nthawi ya GPS, koma uthenga wonse umatenga mphindi 12 ndi theka kuti ufike. Choncho imikani galimoto pabwalo, yatsani makina, mudikire kotala la ola. Akapanda kusintha, fufuzani m'makonzedwe ake pamene pamasankhidwa GPS kapena UTC, musankhe UTC. Koma kusiyanako kukamakula, lero 18 mawa 21, ndiye kuti makina sakumva masetilaiti ndipo akuyendera kawotchi kawo ka m'kati. Zikatero ine ndimayamba kuona mlongoti ndi waya wake.

Mu 2022 mayiko anagwirizana kuti pofika 2035 aleke kuwonjezera masekondi m'njira imeneyi, chifukwa mphindi ya masekondi 61 yakhala ikusokoneza makompyuta.