Za nsalu ya ku Limbe ija

"Achimwene, ku Limbe ndapeza nsalu yonyezimira, wogulitsa akuti ndi ya mesalaizi. Ndiye kuti siyilowa madzi eti?"

Eee achemwali, ndamva. Pepani phokosoli, ndili pa siteji pa Ginnery Corner. Komatu inuyo za madzi munayamba liti kuda nazo nkhawa? Ine ndadziwa, ndi zitenje za chinkhoswe chija izi, ndalama za anthu 14 zili m'manja mwanu ndipo mukuopa zija za ukwati wa ku Chilomoni zingachitikenso. Musakane, ndimakudziwani.

Dikirani ndiyambe ndi malume. Mukukumbuka jekete lawo lobiriwira la pa kaunjika? Ayi, silinali lobiriwira, linali la khaki. Lija madzi akagwerapo ankangopanga timipira n'kugubuduzika. Nthawi imeneyo akugwira ku fakitale ya nsalu, mbali yonyika utoto, amapalasa njinga kuchokera ku Ndirande m'chiperoni koma amafika malaya ali gwa, ouma. Ndiye tsiku lina akunyumba kwawo analinyika usiku wonse mu sopo waufa wambirimbiri, m'mawa n'kulipikicha pamwala. Chiperoni chotsatira malume anabwera atanyowa mpaka vesiti. Sanakalipe, mukuwadziwa, anangotiitana tonse pakhonde ngati kalasi. Akuti mankhwala oletsa madziwo amangokhala pamwamba pa ulusi, kaya ndi phula kaya silikoni, ngati mmene mumapakira mafuta pakhungu, ndiye kupikicha kumawakokolola, komanso sopo wotsalira m'nsalu amakoka madzi. Analitsukuluza kanayi m'madzi oyera, kuliyanika, kulisita ndi simbi yofunda atayala kansalu pamwamba, timipira tija tinabwererako pang'ono, koma pamapewa pomwe panapikichidwa kwambiri panatheratu.

Tsiku lomwelo, kapena linali lina, aaa kaya, anatenga kositiki soda amene agogo ankapangira sopo, n'kunyikamo kachigamba ka thonje pogwiritsa ntchito kamtengo. Kanakwinyika, kufupika, kukhuthala, osawala n'komwe. Akuti mwaona, mzungu wina wa ku England, John Mercer, anapeza zomwezi mu 1844, dzina la mesalaizi linachokera pamenepo, koma kuwala kunabwera cha m'ma 1890 wina atazindikira kuti nsaluyo uziikoka mwamphamvu ili mu soda, mpaka sodayo atatsukidwa. Inu musakayese kunyumba, soda ameneyo amadya khungu ndipo akalowa m'maso ndi zina.

Chimene chimachitika n'chakuti kaubweya ka thonje, lomweli la ku Chikwawa, kamakhala kaphwatalala kopotoka ngati tsamba la chimanga louma. Mu soda wamphamvu, cha m'ma 20 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, kamafufuma kukhala kobulungira kosalala. N'chifukwa chake nsaluyo imawala, ulusi umalimbirapo, ndipo utoto umalowa kwambiri moti mtundu umaoneka wakuya. Ndiye kumbali ya madzi ndi zosiyana ndi zomwe mukuganizazo, ya mesalaizi imamwa madzi bwinobwino, kuposanso thonje wamba. Pa chinkhoswe cha mu Okutobala imeneyo ndiye yabwino, thukuta lipeze kopita.

Vuto lili apa tsopano. Pali kuwala kwina kwa sitachi, amaipaka nsalu n'kuidutsitsa pa zitsulo zotentha zogudubuzika, pa shelefu imanyezimira mwinanso kuposa ya mesalaizi yeniyeni. Kuchapa kamodzi kokha yafota, yapyapyala, ndi zija zinatichitikira zija. Kwa mesalaizi kuwala kuli mu ulusi mwenimweni, ulusiwo unasintha, sikuchoka ndi sopo. Za sitachi ndi zoletsa madzi zili pamwamba, zimatha.

Ndiye musagule zonse lero. Gulani imodzi, kapena apempheni akudulireni kachigamba. Kapikicheni kouma pakati pa zala, mukaona kaufa koyera kapena pamalopo pafewa n'kuzimirira, ndi sitachi. Mukafika kunyumba dulani pawiri, china chapani ndi sopo, yanikani pamthunzi, sitani, muziike pamodzi pawindo masana. Chochapacho chikamawalabe mofatsa ngati chinzake, ndiye zili bwino. O, ndimaiwala, poliyesitala nayenso amawala osatha akachapidwa, ndiye sololani ulusi pang'ono muyatse ndi machesi panja, thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesitala amasungunuka n'kupanga kampira kolimba.

Mwandimva achemwali? Zamkati mwa ulusi zimakhala, zopaka pamwamba zimachoka pochapa. Chapani kaye kachigamba musanatulutse ndalama za anthu. Minibasi yabwera, munditumizire chithunzi cha zigamba ziwirizo mawa, ndipo amayi aang'ono muwapatse moni.