Kulemba mbiri yachidule popanda kudzichemerera

"Andipempha mbiri yanga yachidule yoti aike pa pulogalamu ya msonkhano wa aphunzitsi. Ndikangoyamba kulemba ndikumva ngati ndikudzikweza. Nditani?"

Achimwene, yambani mwachotsa mawu onse okuyamikirani: katswiri, waluso, wodzipereka. Amenewa ndiwo amachititsa manyazi, chifukwa ndi chigamulo chimene mukudzigamulira nokha, ndipo wowerenga alibe njira yochitsimikizira. M'malo mwake lembani zimene munthu wina angathe kufufuza n'kuzipeza: ntchito yanu, amene mumawatumikira, zaka zimene mwagwira, ndi chinthu chimodzi chimene munachita chikatheka.

Tiyerekeze kuti munalemba kuti "Uje ndi mphunzitsi waluso wokonda ana." Sinthani motere: "Uje waphunzitsa masamu kusekondale kwa zaka 12. Anayambitsa kalabu yothandiza ophunzira amene masamu amawavuta, ndipo pano amaphunzitsa aphunzitsi anzake njira yomweyo." Palibe liwu lodzitama, koma wowerenga waona yekha kuti mumaidziwa ntchito. Onaninso kuti talemba ngati tikukamba za munthu wina; mapulogalamu ambiri amafuna choncho, ndipo dzanja limapepukirako.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musadzichepetse mpaka kunama. "Ndinangothandizako" pamene munatsogolera ndinu, si kudzichepetsa kumeneko, mukumusocheretsa munthu amene akusankha phunziro loti akamvere. Ngati munagwira ndi anzanu, nenani gawo lanu: "anatsogolera gulu la aphunzitsi anayi."

Ziganizo zitatu zakwana. Mukamaliza, muwerengereni mnzanu wakuntchito mokweza. Pamene angakufunseni kuti "zoona?", pafunika umboni kapena pachotsedwe, chimene anganene kuti mwaiwala, chiikeni.