Foni ya amayi ikadzaza, musayambe ndi zithunzi za adzukulu

"Amayi anga ali ndi zaka 74 ndipo amakhala ku Chilomoni. Foni yawo amangoimbira ndi kujambulira zithunzi, koma masiku ano ikukana kujambula, ikungolemba kuti malo atha. Ndikawafotokozera amamva, koma ndikangochoka amaiwala, ndiponso amaopa kuti afufuta zithunzi za adzukulu. Ndiwaphunzitse bwanji?"

Mantha a amayi anuwo musawapeputse, chifukwa ali ndi maziko. Pa foni ya munthu wachikulire pamakhala zinthu zimene sizipezekanso kwina kulikonse, ndipo mwini wakeyo amadziwa zimenezi kuposa ife ana amene timangofuna kuti uthenga wakuti malo atha uchoke msanga. Choncho musanawaphunzitse kufufuta chilichonse, muyambe mwawatsimikizira kuti zimene amazikondazo zasungidwa pabwino.

Ndikunena izi chifukwa cha zimene zinawachitikira amayi anga aang'ono a ku Bangwe. Foni yawo itayamba kuchedwa ndi kukana kujambula, anakwera minibasi kupita nayo ku Limbe kwa mnyamata wina wokonza mafoni. Mnyamatayo sanawafunse kuti m'foni muli chiyani. Anangowauza kuti ikufunika kufulasha, ndipo iwo anavomera poganiza kuti kufulasha ndi kuipukuta fumbi lam'kati. Anaibweza ili ngati yatsopano, ikuthamanga bwino, koma mulibe kanthu. Zithunzi za malume athu omwalira, za ukwati wa mwana wawo womaliza, ndi za tsiku limene anavala yunifomu ya Mvano, zonse zinapita. Anabwera kwathu madzulo ake akuyembekezera kuti ine ndizibweza, ndipo kuwauza kuti sizitheka kunandivuta kwambiri. Mpaka lero safuna kuti munthu agwire foni yawo iwo asakuona, ndipo ine sindiwadzudzula. Maganizo anga ndi akuti wokonza foni aliyense amene amafulasha foni ya nkhalamba asanafotokoze momveka kuti zonse zifufutika, walakwira munthuyo, ngakhale foniyo itakonzeka.

Chowawa n'chakuti zithunzi zimene zinatayikazo si zimene zinadzaza foniyo. Ndinazindikira zimenezi nditayang'ana foni ya amayi anga ondibereka, imene inali ndi vuto lomwelo. Inali ya 32 GB. Mapulogalamu oyendetsa foni ndi ena onse anatenga pafupifupi 14 GB, ndipo malo amenewo sitingawakhudze kwenikweni. Zithunzi zimene anajambula okha zinalipo pafupifupi 2,000, chilichonse cha 3 MB kapena kuyandikira pamenepo, ndiye zonse pamodzi zinali 6 GB basi. WhatsApp yokha inadya 11 GB, ndipo zambiri zinali mavidiyo a kwaya, maulaliki ndi zithunzi za maluwa zofunirana tsiku labwino, zimene zinkangolowa zokha kuchokera m'gulu la kumpingo, la banki mkhonde ndi la achibale. Amayi ankati iwo sagwiritsa ntchito WhatsApp kwenikweni, ndipo ankanena zoona, koma foniyo inkalandira zonsezo iwo osadziwa. Vidiyo imodzi ya ulaliki ingathe kutenga malo a zithunzi khumi kapena kuposa.

Amayiwo, pofuna kudzithandiza, madzulo alionse ankafufuta mameseji, mndandanda wa anthu amene anawaimbira, ngakhalenso manambala a anzawo akale. Zinthu zimenezi n'zazing'ono kwambiri moti manambala mazana angapo sangafike kukula kwa vidiyo imodzi. Muwauze amayi anu mosabisa kuti manambala ndi mameseji awasiye, chifukwa kuwafufuta n'kudzipweteka popanda phindu.

Ndimakhulupirira ndithu kuti kulakwitsa kwakukulu kwa ana ambiri n'kufuna kuphunzitsa kholo zonse zimene iwo amadziwa. Ntchitoyi iyenera kugawidwa pawiri: gawo loopsa, lochitika kamodzi, likhale lanu, ndipo kholo liphunzire njira imodzi yokha yaifupi imene lingaibwereze popanda kuwononga kanthu.

Gawo lanu

Choyamba, koperani zithunzi zonse za m'kamera kupita pa kompyuta kapena pa memori khadi. Pa foni ya Android zimapezeka mu foda yotchedwa DCIM. Mukamaliza, tsegulani zingapo pamene mwazisungapo, amayi akuona ndi maso awo, chifukwa makhadi ena otchipa ogula m'mbali mwa msewu amalemba kukula kwabodza ndipo amawononga zithunzi mwakachetechete. Musaiwale zithunzi za adzukulu zimene achibale anatumiza pa WhatsApp, chifukwa zimenezo sizikhala mu DCIM, ndiye muzikopere padera.

Kenako tsekani pamene zinthu zikulowera. Mu WhatsApp dinani timadontho titatu tapamwamba kumanja, musankhe Settings, kenako Storage and data. Pansi pa Media auto-download pali When using mobile data ndi When connected on Wi-Fi, ndipo monsemo muchotse chizindikiro pa Videos, Audio ndi Documents. Kuyambira pamenepo vidiyo idzalowa pokhapokha amayi ataidina okha, ndipo bandulo yawo idzakhalitsa. Ngati mungalowe mu Settings ya foni kuti muyeretse pulogalamu ina, dinani Clear cache yokha. Batani loyandikana nalo, lolembedwa Clear data kapena Clear storage, limafufuta zonse za pulogalamuyo, ndiye kumeneko amayi musawaonetseko n'komwe.

Tsopano njira ya amayi muilembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, mawu a pa sikirini muwalembe monga mmene alili, ndipo pambali pake mujambule chizindikiro chake. Mawu ake angakhale awa: "Amayi, tsegulani WhatsApp. Dinani timadontho titatu, kenako Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage. Dinani pamene palembedwa Forwarded many times. Ikani chala pa vidiyo imene simukuifuna mpaka itachongedwa, kenako dinani kabini kazinyalala n'kuvomera." Malo amenewo ndimawakonda chifukwa mumasonkhana zinthu zimene zazungulira m'magulu ambiri, osati zimene amayi ajambula okha. Komabe muwauze kuti aziyang'ana kaye chinthucho, chifukwa chofufutidwa pamenepo sichibwerera. Muwatsimikizirenso kuti kufufutako kukuchitika pa foni yawo yokha, ndipo abusa kapena mnzawo amene anatumiza sadziwa chilichonse. Achikulire ambiri amasunga mavidiyo poopa kukhumudwitsa wotumiza.

Pophunzitsa, foni ikhale m'manja mwawo ndipo chala chodina chikhale chawo, inu muzingowerenga pepalalo mofatsa. Akasochera musawalande foni, koma muwaonetse batani lobwerera m'mbuyo kuti ayambirenso. Abwereze njirayo inu muli pomwepo mpaka atadutsa okha osafunsa, ndipo mugwirizane tsiku lodziwika lochitira zimenezi, monga Lamlungu akaweruka kutchalitchi.

Ngati adzafuna kufufuta zithunzi za m'kamera zimene zinatuluka mosaoneka bwino, akhoza kudzakudandaulirani kuti afufuta koma malo sanawonjezeke. Mafoni ambiri amayamba asunga zofufutidwazo mu Trash kapena Recycle bin kwa masiku pafupifupi 30, ndipo malo amamasuka zikachoka mmenemo. Kabini kameneko muzikakhuthula ndinu mukapita ku Chilomoni, mutayang'ana limodzi ndi amayi kuti simunalowe chithunzi chimene akuchifunabe, ndipo muyesetse kuti foniyo izikhala ndi malo otsala osachepera 2 GB.