Lipoti la fizi la mwezi ndi mwezi: muziwerenga ana, osati malisiti

"Ndine mlembi pasukulu ina ya pulayimale yomwe si ya boma ku Kapata kuno ku Chipata. A hedi amafuna lipoti mwezi uliwonse loonetsa, kalasi ndi kalasi, ana amene amaliza fizi, amene alipira pang'ono ndi amene sanalipire. Koma mwezi wa Febuluwale, nditaphatikiza magulu atatuwo mu Giredi 5, ndinapeza ana 47 pamene m'kalasimo muli ana 40 okha, ndipo ndalama za m'lipoti sizikugwirizana ndi za ku banki. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Mayi, ana 7 owonjezerawo akuchokera m'buku la malisiti. Mukamawerenga lisiti lililonse ngati mwana mmodzi, kholo limene linabweretsa K500 mu Januwale ndi K400 mu Febuluwale limawerengedwa kawiri m'gulu la olipira pang'ono, ndipo limene linadzamaliza pa ulendo wachitatu limapezeka m'magulu awiri nthawi imodzi. Lipoti liyenera kuyambira pa kaundula wa kalasi, mzere umodzi mwana mmodzi, ndipo malisiti onse a mwanayo aziphatikizidwa pa mzere wakewo musanamuike m'gulu lililonse.

Fizi imalipidwa pa temu, pamene lipoti ndi la pamwezi, ndipo apa ndi pamene alembi ambiri amasokonezeka. Gulu la mwana lisatengere ndalama zimene zalowa mwezi umenewo zokha, koma zonse zimene zalowa kuyambira tsiku lotsegulira temu kufikira tsiku lomaliza la mwezi wa lipotilo. Mwana amene anamaliza mu Januwale akadali womaliza mu Febuluwale ngakhale sanabweretse ngwee iliyonse mwezi umenewo.

Tiyeni tiyerekeze kuti fizi ya Giredi 5 ndi K1,500 pa temu. Ana 40 ayenera kubweretsa K60,000. Pofika kumapeto kwa Febuluwale, ana 18 amaliza, ndiye kuti alipira K27,000. Ana 14 alipira pang'ono, onse pamodzi K9,800 pa K21,000 imene anayenera kupereka, kotero atsala ndi K11,200. Ana 8 sanalipire kalikonse ndipo ngongole yawo ndi K12,000. Zimene zalowa ndi K36,800, zotsala ndi K23,200. Musanapereke pepalali kwa a hedi, yesani zinthu ziwiri: 18, 14 ndi 8 ziyenera kukwana 40, ndipo K36,800 ndi K23,200 ziyenera kukwana K60,000. Chimodzi chikalephera, pali mwana amene wawerengedwa kawiri, kapena amene anasamuka koma sanachotsedwe m'kaundula, kapena amene analowa pakati pa temu koma sanalembedwe.

Ngati mumagwiritsa ntchito Excel, konzani masamba awiri. Tsamba la malisiti a temu ino, lotchedwa Malisiti, likhale ndi tsiku mu A, nambala ya mwana mu B ndi ndalama mu C. Tsamba la ana likhale ndi nambala ya mwana mu A, nambala yokha ya kalasi mu B, zoyenera kulipira mu C, zolipira mu D ndi gulu mu E. Mzere woyamba pansipa ndi wa D2, wachiwiri ndi wa E2, ndipo wachitatu umawerenga omaliza m'kalasi imodzi.

```
=SUMIF(Malisiti!B:B,A2,Malisiti!C:C)
=IF(D2>=C2,"Wamaliza",IF(D2>0,"Pang'ono","Sanalipire"))
=COUNTIFS(B:B,"5",E:E,"Wamaliza")
```

Nambala ya mwana ndi yofunika kuposa dzina. Kuno kwathu n'kosavuta kupeza a Phiri anayi ndi a Banda atatu m'kalasi imodzi, ena mwa iwo ofanana ndi dzina loyamba lomwe, ndipo ndalama za uyu zikapita kwa uyo, ziwerengero zonse za kalasi zimaoneka zolondola pamene mwana wosalakwa akubwezedwa kunyumba. Mukatseka mwezi, sungani kope la lipotilo padera, chifukwa malisiti a Malichi akayamba kulowa manambala amasintha ndipo simudzathanso kuona mmene zinthu zinalili pa tsiku lotsekera.

Nkhani imene imabweretsa mikangano yambiri pa zenera la ofesi ndi ngongole ya temu yapita. Mwana ali ndi ngongole ya K600 ya chaka chatha, ndipo bambo ake abweretsa K1,500 ndi mtima wonse wakuti amaliza temu ino. Mukaika yonseyo pa temu ino, mwanayo aoneka womaliza ndipo K600 ija idzaiwalika. Mukayamba kubweza yakale, K900 yokha ndiyo ilowa pa temu ino ndipo mwanayo akhala m'gulu la olipira pang'ono. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, chifukwa ngongole yokhalitsa ndiyo imavuta kutolera, makamaka mwana akafika kalasi yomaliza. Koma lamuloli si loti mlembi adzipangire yekha. A hedi ndi komiti ya sukulu agwirizane, makolo auzidwe, ndipo lisiti lizionetsa poyera kuti K600 yapita ku zakale, K900 ku temu ino. M'lipotimo ngongole zakale zikhale ndi danga lawolawo. Mukazisakaniza ndi za temu ino, K60,000 ija sidzagwirizananso ndi chiwerengero cha ana.

Tsopano za ku banki. Apa mufunika chiwerengero china, cha ndalama zimene zalowa mwezi umenewo wokha, ndipo ndicho chimene mumayerekeza ndi sitetimenti ya banki, mauthenga a Airtel Money kapena MTN, ndi ndalama zolandiridwa pamanja. Kusiyana kumachokera kawirikawiri m'malo atatu. Kholo limaika ndalama ku banki pa 28 Febuluwale koma kapepala kake limabweretsa mu Malichi. Sankhani tsiku limodzi loti muzitsatira, ndipo ine ndingasankhe la ku banki. Kholo lina la ana atatu limatumiza K3,000 kamodzi, ndipo yonseyo ikalembedwa pa mwana wa Giredi 5, iye amaoneka kuti wapitirira pamene abale ake mu Giredi 2 ndi Giredi 7 akuoneka osalipira; ndalama yotere muziigawa, mwana aliyense ndi lisiti lake. Pomaliza pali ndalama zobwera pa foni kuchokera kwa amalume a ku Lusaka kapena ku Kitwe popanda dzina la mwana. Zimenezi musazikakamize m'kalasi iliyonse. Zilembeni pansi pa lipoti pa mzere wa ndalama zosadziwika mwini, pamodzi ndi tsiku ndi nambala ya uthengawo, kufikira wina atabwera ndi umboni.

Ana olipiriridwa ndi mpingo kapena bungwe, ndiponso ana a aphunzitsi ngati sukulu yanu imawachotserako, akhale ndi mtengo wawo weniweni mu C. Ndalama ya bungwe ikachedwa, ikani chizindikiro pa dzina la mwanayo kuti kalata yokumbutsa isapite kwa makolo amene alibe mlandu.

Gulu la olipira pang'ono lili ndi vuto lake loti limabisa zambiri, pakuti wa K100 ndi wa K1,400 onse amakhala momwemo. Ndimalangiza kuti pansi pa kalasi iliyonse muzilemba kuti mwa iwo ndi angati amene apitirira theka. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama za makolo ambiri zapita ku feteleza ndipo chimanga, soya ndi mtedza zikadali m'munda, gulu limeneli limakula, ndipo a hedi amafunika kudziwa ngati ana 14 aja ali pafupi kumaliza kapena angoyamba kumene asanaganize zotumiza makalata.