Musanalembe pulopozo ya madzi, kawerengeni kaye mijigo yakufa

"Ndine mlembi wa gulu la achinyamata kuno kwathu. Kwapezeka mwayi wa thandizo la ndalama ndiye ife tikufuna kuthandiza anthu pa vuto la madzi. Koma fomu yake ikufuna cholinga, ntchito zoti tichite komanso zotsatira zoyezeka, ndipo kwa ine zitatuzi zikungooneka ngati chinthu chimodzi. Ndiyambire pati?"

Achimwene, fomuyo iikeni kaye pambali. Tengani kope ndi bolopeni, muyende mjigo ndi mjigo m'dera la gulupu wanu, pa uliwonse mulembe ngati ukutulutsa madzi, ngati unafa unafa liti, chinawonongeka ndi chani, komiti ilipo kapena inabalalika, ndipo m'thumba lake muli zingati. Afunseninso alangizi a zaumoyo, iwowa amakhala ndi chiwerengero cha mabanja a m'midzi yawo. "Vuto la madzi" dona aliyense wopereka thandizo analimva kale kambirimbiri, chomwe sakuchidziwa ndi manambala a kwanuko.

Tiyerekeze mwapeza mijigo 14 ya mapampu a mtundu wa Afridev, 6 ndi yakufa, ndipo pa 6 imeneyo 4 inaima chifukwa cha tizipangizo totchipa, timalabala ta pansi pa pampu tija tomwe tikatha amayi amangopopa, chogwirira chikupepuka, madzi osabwera. Ndiye kuti vuto lanu sikusowa kwa mijigo ayi, ndi loti mjigo ukafa palibe ndalama, palibe sipeya, palibe wokonza. Pulopozo yasinthiratu pamenepo, simukupemphanso ndalama zokumbira mjigo watsopano, zomwe ndi zambiri komanso gulu laling'ono sangalikhulupirire nazo.

Cholinga ndi kusintha komwe mukufuna kudzakuone pa miyoyo ya anthu, ndipo chikhale ndi nambala, malo ndi nthawi. Mwachitsanzo: "Pomatha miyezi 12, mijigo yotulutsa madzi m'dera la gulupu wakuti ikwere kuchoka pa 8 kufika pa 13, ndipo mjigo ukawonongeka uzikonzedwa pasanathe masiku 7." Mwaona sindinati 14? Siyani malo, mwina umodzi unauma pansi ndipo olo muusinthe mapaipi onse sudzatulutsa kanthu. Cholinga chimodzi kapena ziwiri zakwana.

Ntchito ndi zomwe mudzagwire ndi manja anu: kukonza mijigo 5 mothandizana ndi makaniko wa m'deralo, kudzutsa ndi kuphunzitsa makomiti 14 kwa masiku atatu, kugwirizana ndi mafumu za chopereka cha pamwezi cha banja lililonse, kupeza wagolosale pa msika wapafupi woti azigulitsa masipeya. Ntchito iliyonse ikhale ndi mwezi wake, woiyang'anira, ndi mzere wake mu bajeti. Ukaona mu bajeti muli njinga yamoto kapena laputopu koma palibe ntchito yomwe ikuifuna, dziwa kuti wowerenga aionanso, ndipo akaona ma alawansi akuposa ndalama za masipeya amangotseka fayilo.

Pa zotsatira ndi pomwe ambiri amagwa, ndipo zimandiwawa chifukwa amakhala magulu olimbikira ndithu. Amalemba kuti "anthu adzazindikira kufunika kosamalira mijigo". Kuzindikira mudzakuyeza ndi chani? Ena amalemba "tidzachititsa misonkhano 10", koma imeneyo ndi ntchito, misonkhano itha kuchitika yonse, masikono kudyedwa, mjigo uli chifere. Chotsatira chenicheni ndi chomwe mlendo angabwere n'kudziwerengera yekha: makomiti 12 mwa 14 ali ndi kope lolembedwa mwezi ndi mwezi, aliyense ali ndi ndalama zokwana kugula masipeya a chaka, mijigo 13 ikutulutsa madzi tsiku lomwe mwakayendera. Pambali pa chilichonse lembani pomwe mukuyambira lero, pomwe mukufuna kufika, ndi umboni wake, kaya kope la komiti, malisiti, kapena fomu yoyendera yosainidwa ndi wapampando wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'dera la gulupu. M'kopemo azilemba deti lomwe mjigo wafa ndi deti lomwe wakonzedwa, apo ayi masiku 7 aja mudzasowa powatenga polemba lipoti.

Chonde musalonjeze kuti matenda otsegula m'mimba adzatsika ndi theka. Matendawa amabweranso ndi zimbudzi, mvula, kasungidwe ka madzi m'nyumba, zinthu zoti pulojekiti yanu sikuzikhudza, ndiye mvula ikadzachuluka chaka chimenecho mudzaoneka ngati mwalephera chonsecho mijigo ikuyenda bwinobwino. Za matendazo zitchuleni pofotokoza chifukwa chake ntchitoyi ikufunika basi.

Musanatumize, dutsani ku VDC, ku ADC yomwe ndi komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, ndi ku ofesi ya zamadzi ya pa boma mupemphe kalata yovomereza, kumeneko ndi komwe mungamve ngati bungwe lina lili kale ndi pulani yokonza mijigo yomweyo. Mukamaliza kuyenda kuja nditumizireni manambala mwapezawo tione limodzi cholinga chanu.