Manambala a pansi pa ziro akhale m'mabulaketi

"Abwana akufuna zotayika zizioneka ngati (45,000.00), osati -45,000.00. Nditani mu Excel?"

Achimwene, sankhani maselo onsewo, dinani Ctrl+1, pitani pa Custom, mulembe izi:

```
#,##0.00_);(#,##0.00)
```

Mukafuna kachizindikiro kochotsera kakhale kumapeto, ngati 45,000.00-, lembani izi:

```
#,##0.00_-;#,##0.00-
```

Gawo loyambalo, tisanafike pa ka `;`, ndi la ziro ndi manambala oposa ziro, lachiwirilo ndi la manambala a pansi pa ziro. Ka `_)` kamasiya kampata kuti manambala onse ayime mzere umodzi. Nambala yeniyeniyo sisintha, SUM iwerengerabe bwinobwino.

Koma musatayipe nokha 45,000-, chonde. Kuofesi kwathu kuno ku Lilongwe ndinachitapo zimenezo, Excel inaitenga ngati mawu, SUM n'kuidumpha mwakachetechete. Mudzaizindikira chifukwa imatsamira kumanzere kwa selo.

Ngati lipotilo likupita ku MRA kapena kwa oditala, muyambe mwafunsa akauntanti wanu kalembedwe kofunikako.