Chuni ndikuchidziwa koma mawu ndi ena

"Pa maliro ku Matero anaimba nyimbo m'Chibemba, chuni ndachidziwa bwinobwino koma nambala yake m'buku lathu yandisowa. Ndiipeza bwanji?"

Amayi, mawuwo asiyeni kaye, ing'ung'uzeni nyimboyo uku mukuwerenga maphatikizo a mzere uliwonse ndi zala. Mukapeza 8, 6, 8, 6 ndiye muyeso uja amalemba C.M., kutanthauza Common Metre, m'mabuku a manotsi, ndipo kumapeto kwa mabuku otero kumakhala mndandanda wa machuni malinga ndi muyesowu. Vuto lake a C.M. ndi ambirimbiri, nde pamafunikanso solofa ya mzere woyamba.

Ine ina inandivutapo choncho, ndinaimbira akwayamasitala athu pa foni iwo n'kumalemba so do mi do mi re do la so, basi anaseka amvekere ndi New Britain imeneyo, ija ya Amazing Grace. Onani kuti manotsiwo ndi 9 koma maphatikizo 8, lachitatu limakoka manotsi awiri, nde mukawerenga manotsi m'malo mwa maphatikizo musochera.

Mukapeza dzina la chuni n'kudziwa mawu ake oyambirira, mzere woyamba wa Chinyanja sukusowani, nambala ili pa mndandanda wa mizere yoyamba. Koma yang'anani m'buku la mpingo wanu, nambala ya buku la Chibemba ikutsegulirani nyimbo ina.